Kusandutsa ndondomeko ya nthawi ya pulopozo kukhala tebulo la magawo, ntchito ndi zogwirika

Pafupi ndi kumapeto kwa pulopozo ya kafukufuku pamakhala ndime yofotokoza kuti ntchito idzayenda bwanji mwezi ndi mwezi. Asupavaiza kapena a komiti akaiwerenga, kawirikawiri amalemba m'mbali kuti isandutsidwe tebulo. Ambiri akamva zimenezi amangotsegula kompyuta, kujambula mabokosi, n'kudulira ziganizo zomwe zija m'menemo. Tebulo lotere silithandiza aliyense, chifukwa zomwe ndimeyo inkabisa zimabisikabe. Ntchito yeniyeni ndi yoti mzere uliwonse wa tebulo uthere pa chinthu choti munthu angachigwire, kuchiwerenga kapena kuchipereka kwa wina. Zinthu zimenezi tizitcha zogwirika.

Tigwiritse ntchito chitsanzo chongopeka cha wophunzira wa masitazi amene akufuna kufufuza mmene alimi a ku Bembeke, m'boma la Dedza, amasungira mbatatesi akakumba, ndi kuchuluka kwa yomwe imawola isanafike pamsika. Pulopozo yambiri imalembedwa m'Chingerezi, koma ndime yake tiiyike m'Chichewa kuti tiione bwino:

"Kafukufukuyu adzatenga miyezi 12. M'miyezi itatu yoyamba tidzawerenga mabuku, kukonza mafunso ndi kupempha chilolezo. Kenako tidzapita ku Bembeke kukacheza ndi mabanja 120, kuchititsa zokambirana za pagulu 6, ndi kucheza ndi alangizi ndi ochita malonda 8. Zikatha izi, zomwe tapeza zidzaunikidwa, lipoti lidzalembedwa, ndipo alimi adzauzidwa zotsatira. Nthawi yonseyi tidzakhala tikukumana ndi asupavaiza."

Ndimeyi ikumveka bwino ndithu, ndipo vuto lake lagona pomwepo.

Yambani ndi pepala ndi cholembera

Sindikizani ndimeyo kapena ikopereni pamanja. Dulani mzere kunsi kwa mneni aliyense wonena ntchito. M'chitsanzo chathu tipeza 10: kuwerenga, kukonza mafunso, kupempha chilolezo, kucheza ndi mabanja, kuchititsa zokambirana, kucheza ndi alangizi ndi amalonda, kuunika, kulemba lipoti, kuuza alimi, kukumana ndi asupavaiza. Lembani iliyonse pamzere wakewake.

Mukatero zungulizani mawu onse onena za nthawi. Mupeza "miyezi 12", "miyezi itatu yoyamba", "kenako", "zikatha izi" ndi "nthawi yonseyi". Pa mawu asanuwa, awiri okha ndi omwe ali ndi nambala. "Kenako" ndi "zikatha izi" sangalowe m'tebulo, chifukwa bokosi la nthawi limafuna mwezi ndi sabata. Ndiye kuti miyezi 9 ya kafukufukuyu sinagawidwe n'komwe, ngakhale ndimeyo imaoneka ngati yatha.

Onaninso aneni monga "zidzaunikidwa", "lidzalembedwa", "adzauzidwa". Sakutchula wochita. Pambali pa aliyense lembani funso loti ndani. Ngati yankho lili wophunzira yekha paliponse, palibe cholakwika, koma zikutanthauza kuti ntchito ziwiri zazikulu sizingachitike sabata imodzi.

Fufuzani ntchito zomwe ndime yameza

Apa ndi pofunika kukhalapo nthawi. Tengani ntchito iliyonse pa mndandanda uja, mudzifunse mafunso awiri: kuti ntchitoyi iyambe, m'manja mwanga muyenera kukhala chiyani? Nanga ikatha, chotuluka chake chingalowe mu ntchito yotsatira mmene chililimo?

Yesani pa "kucheza ndi mabanja 120". Kuti munthu akagogode pakhomo loyamba, afunika mafunso omasuliridwa m'Chichewa, fomu yoti wofunsidwa avomereze, kalata yachilolezo ya komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha anthu pa kafukufuku, kalata ya ku ofesi ya DC, kudziwika ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo ndi kwa mafumu, mndandanda wa mabanja woti asankhemo, ndi othandizira omwe aphunzitsidwa ndipo ayesa mafunsowo. Pa zonsezi, ndime ija yangotchula "kukonza mafunso" ndi "kupempha chilolezo". Kupempha chilolezo ndi kuchilandira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pakati pake pali masabata omwe wophunzira alibe nawo mphamvu. Kaya pempho likupita ku komiti ya yunivesite yanu, kaya ku NCRSH, komiti ya dziko lonse yoona kafukufuku wa za kakhalidwe ka anthu, yomwe ili pansi pa bungwe la sayansi ndi luso la NCST, kaya ku makomiti a NHSRC kapena COMREC ngati ndi kafukufuku wa zaumoyo, funsani ku ofesi yawo masiku omwe amakumana ndi tsiku lomaliza kulandira mapempho. Kudikirako kukhale ndi mzere wakewake m'tebulo, ndipo muwerengere kuti akhoza kukubwezerani kuti mukonze zina.

Yesaninso pa "kuunika". Mawu ojambulidwa pafoni kapena pa rekoda saunikidwa ali choncho. Ayenera kulembedwa liwu ndi liwu, kenako kumasuliridwa ngati lipoti lili la Chingerezi. Mafomu 120 nawo ayenera kulowetsedwa m'kompyuta ndi kukonzedwa, monga pomwe wina walemba matumba, wina ndowa, wina makilogalamu pafunso limodzi lomwelo. Pomaliza pali nthawi yomwe asupavaiza amakhala ndi lipoti akuwerenga, yomwe ophunzira ambiri saiwerengera konse.

Mndandanda wa ntchito 10 uja tsopano wakula. Osadandaula nazo, ntchitozo zinalipo kale, kungoti sizinalembedwe.

Gawani magawo

Gawo ndi gulu la ntchito zomwe zimathera pa khomo limodzi, loti simungadutse lisanatseguke. Kalata ya komiti ndi khomo. Mafunso omwe ayesedwa ndi kukonzedwa ndi khomo lina. Mafomu onse atabwera kuchokera kumidzi ndi linanso. Mukagawa motere, kafukufuku wa chaka chimodzi amakhala ndi magawo anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi. Akafika 9 kapena 10, ndiye kuti mwayamba kutcha ntchito wamba kuti gawo. Gawo lililonse lipatseni dzina lonena zomwe zikuchitika, osangoti "Gawo 1" basi, ndipo ntchito zake zikhale ndi manambala monga 1.1 ndi 1.2, kuti bajeti ndi makalata azitha kuzitchula mosavuta.

"Kukumana ndi asupavaiza" si gawo, ndipo sikufunika mzere wautali wodutsa miyezi yonse. Ikani chiganizo chimodzi kunja kwa tebulo chonena kuti mudzakumana kangati pamwezi.

Pezani chogwirika cha ntchito iliyonse

Ntchito imalembedwa ndi mneni: kulemba, kuphunzitsa, kucheza. Chogwirika chimalembedwa ndi dzina la chinthu, ndipo pomwe zingatheke chikhale ndi nambala. Njira yoyesera ndi iyi: asupavaiza atakuuzani kuti mubwere nacho Lolemba, mungachiike m'chikwama kapena kuchitumiza pa imelo? "Kumvetsa bwino mavuto a alimi" sikungalowe m'chikwama. "Mafomu 120 odzazidwa ndi kuonedwa" angalowe.

Cholakwika chomwe timachiona kwambiri ndi kubwereza ntchito yomweyo m'bokosi la zogwirika, mongotembenuza mawu. Ntchito: kuwerenga mabuku. Chogwirika: mabuku awerengedwa. Palibe amene angatsimikize zimenezi, ngakhale mwini wake sangadziwe tsiku lomwe wamaliza, chifukwa mabuku satha. Lembani kuti "mutu 2 wa lipoti, kulemba koyamba". Pamenepo kuwerenga kuli ndi polekezera. Chimodzimodzi "othandizira aphunzitsidwa" n'kosakwanira. Chotuluka chenicheni cha sabata imeneyo ndi mafunso omwe ayesedwa pa mabanja 10 a m'mudzi wina wosakhala m'kafukufuku, n'kukonzedwa.

Mukapeza ntchito yomwe mwayesetsa koma ilibe chogwirika, pali zotheka ziwiri. Mwina ndi kachidutswa ka ntchito ina, ndiye muiphatikize kumeneko. Mwina simunaiganizire mokwanira, ndiye mubwerere ku mutu wofotokoza njira za kafukufuku. "Kuuza alimi zotsatira" ndi chitsanzo chabwino. Adzauzidwa bwanji, pamsonkhano kapena papepala? M'midzi ingati? Yankho lake ndi lomwe limabala chogwirika, komanso limabala mzere wina mu bajeti.

Werengerani nthawi, osangoganizira

Nthawi ya kumidzi imapezeka ndi masamu. Tinene kuti othandizira ndi atatu, ndipo aliyense akhoza kumaliza mabanja anayi patsiku, poganizira kuyenda kwa pakati pa nyumba ndi nyumba m'dera la mapiri ngati la Bembeke, komanso kuti anthu ambiri m'mawa amakhala ali kumunda kapena kudimba. Ndi mabanja 12 patsiku, kotero 120 atenga masiku 10 ogwira ntchito. Koma musalembe masabata awiri. M'mudzi mukagwa maliro simungafunse mafunso. Tsiku la msika anthu sapezeka pakhomo. Mabanja ena mudzawapeza kulibe, n'kufunika kubwererako. Lembani masabata atatu. Nambala ya mabanja anayi patsiku nayo mudzaitsimikize pa tsiku loyesa mafunso, mutayang'ana wotchi.

Kulemba mawu ojambulidwa ndiko kumapha ndondomeko zambiri. Zokambirana 6 za ola limodzi ndi theka ndi maola 9. Kucheza 8 kwa mphindi 45 ndi maola 6. Onse pamodzi maola 15. Ola limodzi la mawu limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulilemba, ndipo za pagulu zimachedwa kuposa za munthu mmodzi chifukwa anthu amalankhulira limodzi, mwana akulira, mphepo ikuwomba pa rekoda. Tikatenga maola asanu, tipeza maola 75. Munthu wolemba maola 6 patsiku afunika masiku 13. Mukaonjeza nthawi yofanana nayo ya kumasulira, mwafika masabata asanu. M'ndime ija zonsezi zinabisala m'mawu awiri oti "zikatha izi".

Tsopano funso la kalendala. Pulopozo zambiri zimalemba "Mwezi 1, Mwezi 2" chifukwa tsiku loyambira silidziwika mpaka ndalama kapena chilolezo zitapezeka. Zimenezi n'zabwino pa kafukufuku wa m'laibulale. Pa kafukufuku wa ulimi n'zoopsa, chifukwa mbewu siidikira pulopozo. Mbatatesi ya mvula imakumbidwa cha m'Malichi ndi Epulo, ndiye wofuna kuona mmene yasungidwira ayenera kufika ikadali m'nyumba, misewu ya fumbi itaumanso. Choncho khomani kaye ntchito ya kumidzi pa Meyi, kenako muwerenge chobwerera m'mbuyo: Epulo ndi wa makalata ndi kuyesa mafunso, Febuluwale ndi Malichi ndi odikira komiti, ndiye pempho liyenera kutumizidwa Januwale asanathe. Kumbukirani kuti pa 1 ndi pa 14 Meyi ndi tchuthi. Msonkhano wobweza zotsatira uikeni mu Okutobala, mvula isanayambe, chifukwa ikangogwa anthu onse amakhala kumunda.

Tebulo lake

| Gawo | Ntchito | Nthawi | Chogwirika | Mwini ntchito |
|---|---|---|---|---|
| 1. Kukonzekera | 1.1 Kulemba ndi kumasulira mafunso ndi fomu yovomereza | Januwale, sabata 1–3 | Mafunso ndi fomu m'Chingerezi ndi m'Chichewa | Wophunzira |
| | 1.2 Kutumiza pempho ku komiti | Januwale, sabata 4 | Umboni woti pempho lalandiridwa | Wophunzira |
| | 1.3 Kudikira ndi kuyankha ndemanga za komiti | Febuluwale–Malichi | Kalata yachilolezo | Komiti, wophunzira |
| | 1.4 Kuwerenga zomwe ena analemba | Febuluwale–Malichi | Mutu 2, kulemba koyamba | Wophunzira |
| 2. Kulowa m'dera | 2.1 Kuonekera ku ofesi ya DC, ya zaulimi ndi kwa mafumu | Epulo, sabata 1–2 | Kalata yolola; mndandanda wa mabanja | Wophunzira |
| | 2.2 Kuphunzitsa othandizira 3 ndi kuyesa mafunso pa mabanja 10 | Epulo, sabata 3–4 | Mafunso okonzedwa | Wophunzira, othandizira |
| 3. Kusonkhanitsa | 3.1 Kucheza ndi mabanja | Meyi, sabata 1–3 | Mafomu 120 odzazidwa ndi kuonedwa | Othandizira |
| | 3.2 Zokambirana za pagulu 6 ndi kucheza 8 | Meyi, sabata 4–Juni, sabata 1 | Mafayilo 14 a mawu | Wophunzira |
| 4. Kuunika | 4.1 Kulemba ndi kumasulira mawu | Juni, sabata 2–Julayi, sabata 2 | Zolemba 14 | Wophunzira |
| | 4.2 Kulowetsa ndi kukonza mayankho | Julayi, sabata 3–4 | Fayilo imodzi ya mabanja 120 | Wophunzira |
| | 4.3 Kuunika | Ogasiti | Mutu 4 ndi matebulo ake | Wophunzira |
| 5. Kulemba ndi kubweza | 5.1 Kulemba lipoti lonse | Seputembala–Okutobala, sabata 2 | Lipoti, kulemba koyamba | Wophunzira |
| | 5.2 Kuwerenga lipoti | Okutobala, sabata 3–Novembala, sabata 1 | Ndemanga zolembedwa | Asupavaiza |
| | 5.3 Msonkhano ndi alimi | Okutobala, sabata 4 | Tsamba limodzi la zotsatira m'Chichewa. Zolemba za msonkhano | Wophunzira |
| | 5.4 Kukonza ndi kupereka | Novembala, sabata 2–Disembala, sabata 1 | Lipoti lomaliza | Wophunzira |

Taonani pomwe ntchito zikuyendera limodzi. Zachitika pawiri pokha, 1.3 ndi 1.4, komanso 5.2 ndi 5.3, ndipo monsemo n'chifukwa choti mpira uli m'manja mwa ena, wophunzira ali ndi mpata. Kuwerenga mabuku kwachoka pamalo oyamba pomwe ndime ija inakuika, kwapita kodzaza nthawi yodikira komiti. Izi sizikutanthauza kuti mafunso alembedwa popanda kuwerenga. Kuwerenga kokwanira kulemba mafunso kunachitika kale polemba pulopozo. Taonaninso kuti masabata atatu omaliza a Disembala asiyidwa dala opanda kanthu. Komiti ikachedwa kapena othandizira mmodzi akadwala, ndi omwe adzakupulumutseni. Tebulo lodzaza mpaka tsiku lomaliza limaonetsa wowerenga wodziwa ntchito kuti mwini wake sanafikepo kumidzi.

Kuliika m'kompyuta

Mu Word, lembani mizereyo mukulekanitsa mabokosi ndi batani la `Tab`, kamodzi kokha pakati pa bokosi ndi bokosi. Pomwe bokosi la gawo lili lopanda kanthu, yambani mzerewo ndi `Tab`. Mitu ya pamwamba mu pulopozo ya Chingerezi imakhala iyi:

```
Phase	Activity	Timing	Deliverable	Responsible
```

Sankhani mizere yonse, mupite ku `Insert`, `Table`, `Convert Text to Table`, ndipo pa `Separate text at` musankhe `Tabs`. Yang'anani nambala yomwe yaoneka pa `Number of columns`. Ikakhala 6 kapena 7 m'malo mwa 5, pali mzere womwe mwadina `Tab` kawiri. Bwererani mukaupeze, musapitirire.

Tebulo la mizere 15 limadutsa tsamba limodzi. Dinani mumzere wa mitu, musankhe `Repeat Header Rows` kuti mituyo izibwerezedwa patsamba lotsatira. Kenako sankhani tebulo lonse, mutsegule `Table Properties`, `Row`, muchotse chizindikiro pa `Allow row to break across pages`, kuti mzere umodzi usaduke pakati. `Merge Cells` pa mabokosi a gawo muchite pomaliza penipeni, kapena musachite n'komwe, chifukwa mabokosi ophatikizidwa amavuta mukafuna kuonjeza kapena kusuntha mzere, ndipo mudzasunthadi. Dzina la tebulo liikeni kudzera pa `References`, `Insert Caption`, kuti nambala yake izisintha yokha mukaonjeza tebulo lina patsogolo pake.

Ena amafunsidwanso tchati cha Gantt, chija chokhala ndi miyezi pamwamba ndi mabokosi odetsedwa. Chimenecho chimaonetsa nthawi yokha, sichionetsa zogwirika, ndiye sichilowa m'malo mwa tebulo ili. Chijambuleni kuchokera pa tebulo lomwe latha, ndi manambala omwewo a ntchito.

Liyerekezeni ndi mitu ina ya pulopozo

Ikani tebulo pambali pa mutu wa njira za kafukufuku, muyerekeze nambala iliyonse. Si zachilendo kupeza mabanja 120 m'tebulo, 150 m'mutu wa njira, ndi 100 mu bajeti, chifukwa mwini wake anasintha malo amodzi n'kuiwala ena. Chitani chimodzimodzi ndi bajeti: ngati tebulo likuti othandizira atatu adzagwira masabata atatu kumidzi, bajeti ikhale ndi malipiro ndi mayendedwe a anthu atatu kwa masiku 15, kuonjezapo masiku a maphunziro ndi oyesa mafunso a mu 2.2. Msonkhano wa 5.3 ukhale ndi ndalama yake yosindikizira ndi yoyendera. Kenako tengani zolinga za kafukufuku chimodzi ndi chimodzi, muone ngati chilichonse chili ndi chogwirika chomwe chidzachiyankhe. Ngati pali cholinga chonena za mitengo ya mbatatesi pa misika ngati wa Lizulu koma palibe mzere wokafika kumsikako, pali ntchito yomwe yasowa, kapena cholingacho n'chongokongoletsa ndipo chichotsedwe.

Ndime yakale ija musaisiye pamwamba pa tebulo mmene inalili, chifukwa tsopano ikutsutsana nalo. M'malo mwake lembani ziganizo zochepa zonena zomwe mabokosi sangathe kunena. M'chitsanzo chathu zingakhale izi: kafukufukuyu ndi wa miyezi 12 kuyambira Januwale, ntchito ya kumidzi yaikidwa mu Meyi chifukwa ndi pomwe mbatatesi ya mvula imakhala ili m'nyumba, gawo 2 silidzayamba kalata ya komiti isanatuluke, wophunzira ndi asupavaiza azidzakumana kawiri pamwezi. Onjezaninso chomwe mudzachite chilolezo chikachedwa kupyola Malichi. Mwachitsanzo, mukhoza kunena kuti 2.1 ndi 2.2 zidzapanikizidwa m'masabata atatu, ntchito 3.1 idzasunthira kumapeto kwa Meyi, ndipo masabata a Disembala aja ndi omwe adzalipire kusunthako.